Chinandigwira kawiri kokha, koma ndimachidikira tsiku lililonse

Nabanda wa ku Bangwe:
Abale, mundipirire, ndilemba zambiri. Mu Febuluwale ndinali mu minibasi kuchokera ku Limbe kupita kuntchito ku tauni. Titafika pa Chichiri panali mdipiti wa magalimoto, kunja kukutentha, ine ndili mpando wakumbuyo kwenikweni. Mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kuboola nthiti, mpweya kumakana kulowa, manja dzanzi, thukuta kamukamu. Ndinakuwa kuti kondakitala aimitse, ndinatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinatsimikiza kuti ndikufa. Anthu anandithamangitsira kuchipatala, koma pofika n'kuti zitatha kale. Anandiyeza bipi, shuga, malungo, magazi, mtima anauyeza ndi makina aja amamata pachifuwa, zonse bwinobwino. Dokotala anati ndi paniki.

Chinabweranso kamodzi mu Malichi, m'tchalitchi. Basi, kawiri kokha kwenikweni. Koma chikundizunza si chimenecho. Chikundizunza n'chakuti kuyambira pamenepo ndikangodzuka ndimayamba ndamvetsera mtima. Ndinagula makina a bipi, ndimadziyeza ka 6 kapena ka 7 patsiku. Minibasi ndimakwera pokhapokha mpando wapakhomo ukhalepo, apo ayi ndimaisiya ipite. Ndipo ndikamadikira choncho kamabweradi, kakang'ono, pafupifupi tsiku lililonse. Kodi n'zotheka kuti ndikuchiitana ndekha? Kapena pali matenda amene sanawapeze?

Mjomba Yusufu:
Pepani achemwali. Imeneyo ndi bipi basi. Mayi anga ankatero. Chepetsani mchere, muzidya adyo m'mawa.

Nabanda wa ku Bangwe:
Mjomba, bipi yanga imakhala 118 pa 76, nthawi zina 125 pa 80. Ikakwera kwambiri ndi nthawi imene ndachita mantha, ndikakhala pang'ono imatsika.

Mjomba Yusufu:
Aaa, ndiye kaya. Komabe adyo sapha.

Aphunzitsi Kondwani:
Asisi, ine ndinaona zimenezi pa mwana wa Fomu 4 nthawi ya mayeso. Mankhwala ake ndi kupuma. Mukangomva kuti chikubwera, pumani mozama, mukoke mpweya wambiri, ubongo ulandire okosijeni. Komanso musamaziganizire. Maganizo ndi amene akukudwalitsani, ingochotsani m'mutu.

Thoko wa ku Area 25:
Aphunzitsi, mawu akuti "musamaziganizire" amene aja ine anandipweteka zaka ziwiri. Tayesani inuyo kwa mphindi imodzi kuti musaganize za lilime lanu m'kamwamo. Mwaliona? Panopa mukulimva kuti lilipo, ndipo likukhala ngati lakula. Mtima ndi chimodzimodzi. Ukamadziuza kuti ndisaumvetsere, kuti udziwe ngati wakwanitsa uyenera kuumvetsera kaye.

Anabanda, yankho langa ndi lakuti inde, mbali yaikulu mukuchiitana nokha, koma osati mwadala ndipo si kupusa. Ine ndinali ngati inu. Ndidikire Amayi Nesi afike, amafotokoza bwino kuposa ine.

Mayi Nesi:
Ndafika, ndinali pa ntchito ya usiku. Anabanda, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ndakhala ndikugwira ntchito ku mbali ya matenda a maganizo kwa zaka zambiri ndipo nkhani yanuyi ndimaimva pafupifupi sabata iliyonse, imangosintha malo. Wina pa minibasi, wina pamzere wa kubanki, wina pamaliro.

Tiyambe ndi tsiku loyamba lija. Thupi lili ndi alamu yake. Likaona choopsa limatulutsa adirenalini, mtima umathamanga kuti magazi apite ku minofu, kupuma kumafulumira, thukuta limatuluka. Galu wolusa akakuthamangitsani zimenezi zimakupulumutsani, ndipo simudabwa nazo chifukwa galuyo mukumuona. Tsiku lija alamu inalira popanda galu. Mwina kutentha, mwina simunagone bwino, mwina munali ndi nkhawa za miyezi yambiri. Ubongo unayang'ana uku ndi uku, sunaone choopsa, ndiye unati choopsacho chili m'kati, mtima ukuima. Maganizo amenewo ndi oopsa kuposa galu, ndiye adirenalini anaonjezeka, mtima unathamanga kwambiri, inu n'kuti "si izi ndimanena". Zimangozungulira choncho, ndipo pasanathe mphindi 10 zimakhala zafika pachimake. Katswiri wina wa ku Britain, David Clark, anafotokoza kuzungulira kumeneku mu 1986, ndipo chithandizo cha kukambirana chimene timagwiritsa ntchito lero chinamangidwa kwambiri pamenepo.

Tsopano chimene mukufunsa. Anthu ambiri paniki imawagwira kamodzi m'moyo n'kuiwala. Imasanduka matenda pamene munthu wayamba kuopa yotsatira kwa mwezi kapena kupitirira, n'kusintha makhalidwe ake chifukwa cha manthawo. Mmene mumadzuka n'kumvetsera mtima, mwaika mlonda pakhomo. Thupi la munthu wamoyo silikhala chete. Mtima umadumpha kamodzikamodzi, ukadzuka msanga pampando mutu umazungulira pang'ono, ukadya nsima yambiri pachifuwa pamalemera. Kale zimenezi zinkachitika inu osazimva. Lero mlonda wanu akumva chilichonse, ndipo chilichonse akuti "chayamba". Akangotero adirenalini amatuluka, ndipo chimayambadi. Kudikira kwenikweniko ndi nkhawa kale, ndiye mumafika pa siteji mtima uli kale pamwamba, kangotsala kokankha pang'ono.

Ndikufunseni: mukamva kuti kayamba, mumachita chiyani? Munditchulire zonse, ngakhale zooneka zazing'ono.

Nabanda wa ku Bangwe:
Zikomo amayi. Ndimamwa madzi, botolo silichoka m'chikwama. Ndimagwira pakhosi kuwerenga mtima. Ndimatafuna switi wa mphepo uja. Ndimatsegula windo. Ndimaimbira mwamuna wanga kuti azingondilankhula. Zikakanika ndimatsika, ngakhale ndisanafike. Pa Maselema ndatsikapo kangapo n'kuyenda wapansi. Kutchalitchi ndimakhala benchi yomaliza. Komanso ndinasiya kutunga madzi ndi kukwera chitunda chakwathu mofulumira, chifukwa mtima umathamanga.

Mayi Nesi:
Ndiye tapeza chimene chikudyetsa manthawo. Taonani. Mwakwera, kayamba, mwamwa madzi, mwaimbira abambo, patapita mphindi zingapo katha. Mukatsika mumati chiyani? Mumati "ndapulumuka chifukwa ndinamwa madzi msanga". Ulemu wonse wapita kwa botolo. Chowona n'chakuti kakanatha kokha, chifukwa thupi silingasunge alamu pamwamba mpaka kalekale, nthawi zambiri pakatha mphindi 20 kapena 30 zimakhala zazizira ngakhale musachite kanthu. Koma inu simunaonepo zimenezo ndi maso anu, chifukwa nthawi zonse mumalowererapo. Ndiye chikhulupiriro chakuti "ndikanapanda kutsika ndikanafa" sichinayesedwepo. Chikadali chamoyo, ndipo tsiku lililonse mukuchipatsa umboni watsopano.

Zili ngati munthu amene amagona ndi nyali yoyaka kuopa afisi, m'mudzi mopanda afisi. M'mawa uliwonse amati nyali yandithandiza. Sadzadziwa kuti afisi kulibe mpaka tsiku limene adzazimitse.

Makina a bipi ndi oipitsitsa pa zonsezi. Mumadziyeza chifukwa mwachita mantha, mantha amakweza manambala, mukaona 140 mumachitanso mantha, n'kuyezanso. Mtendere umene amakupatsani ndi wa ola limodzi, kenako mumafunanso.

Aphunzitsi Kondwani:
Koma Amayi Nesi, za kupuma zija ndalakwa? Paliponse amanena zimenezi.

Mayi Nesi:
Mwalondola theka, aphunzitsi. Vuto lili pa mawu akuti mpweya wambiri. Munthu wa paniki sakusowa okosijeni, mukamuika kachipangizo ka pachala kaja mupeza ali 98 kapena 99. Akupuma kale mopitirira muyezo, ndipo kupuma kotero kumachotsa mpweya woipa uja, kaboni dayokisaidi, wambiri kuposa mmene thupi likufunira. Umenewo ukachepa m'magazi mitsempha yopita kumutu imafinyika pang'ono, munthu amamva chizungulire, milomo ndi zala zimachita dzanzi, ena zala zimapindika n'kuuma. Ndiye mukamuuza kuti akoke wambiri mukuthira palafini pamoto. Ngati n'kupuma, kukhale kwapang'onopang'ono, kotulutsa kutalike kuposa kokoka. Ndipo za kupumira m'pepala kapena m'jumbo zisiyeni, ngati munthuyo ali ndi mphumu kapena vuto la mtima mungamupweteke.

Komanso ndichenjeze. Kupuma pang'onopang'ono nako kumatha kusanduka botolo la madzi lina. Munthu akamati "ndikapanda kupuma mwa njira ija ndifa", wangosintha chithumwa.

Thoko wa ku Area 25:
Apa pokha ndimasiyana nanu amayi. Ine popanda kuwerenga mpweya sindikanayamba n'komwe kulowa m'basi. Kunandigwira dzanja miyezi yoyamba. Ndinadzasiya ndekha pambuyo pake.

Mayi Nesi:
Sindikutsutsani, Thoko. Ngakhale akatswiri amakangana pa nkhani imeneyi, ena amati ndodo ithandize poyamba bola udzaitaye, ena amati usaigwire n'komwe. Ine ndaona ena ataitaya ngati inu, ndaonanso ena akuyenda nayo zaka zisanu.

Mayi a Pemphero:
Mwana wanga Nabanda, ine ndinena zimene ena akuopa kunena. Zinthu zobwera mwadzidzidzi, kuchipatala osapeza kanthu, kukugwira m'nyumba ya Mulungu, zimenezo si za thupi. Pali amene sakukondwa ndi ntchito yako. Pita ukapemphereredwe, usale kudya masiku atatu.

Nabanda wa ku Bangwe:
Amayi, ndinapita, ndipo kupemphera sindinasiye. Koma ndinene zoona, tsiku limene anandiuza kuti pali munthu akundilondalonda ndinabwerako ndi mantha owirikiza. Usiku umenewo sindinagone. Ndipo tsiku lachiwiri losala kudya ndi limene ndinanjenjemera kwambiri.

Mayi Nesi:
Njala imachita zimenezo, shuga akatsika thupi limatulutsa adirenalini yemwe uja. Amayi a Pemphero, pemphero sindilimbana nalo, nanenso ndine wa Mvano. Chimene ndimapempha n'chakuti munthu amene akuopa kale thupi lake tisamuonjezere mdani wina womuopa. Ndipo m'tchalitchi zimagwira anthu ambiri pa chifukwa chosavuta: mwadzaza, mukutentha, mwaima nthawi yaitali, ndipo kutuluka pakati pa ulaliki n'kochititsa manyazi. Ndi minibasi ina yopanda matayala.

Mayi a Pemphero:
Inu a chipatala mumadziwa zanu, ife timadziwa zathu. Ine ndizimupempherera basi.

Dalitso ku Joni:
Ine zanga zinatha ndi kapilisi. Mnzanga kuno anandipatsa dayazepamu, ndikangomva kuti chikubwera ndimameza, pakapita nthawi pang'ono ndili bwino. Chaka chatha tsopano. Asisi, musavutike ndi zonsezi, pezani kameneko.

Thoko wa ku Area 25:
Achimwene, tsiku limene mwaiwala mapilisi kunyumba mumatani?

Dalitso ku Joni:
Ndimabwerera kukatenga. Sindingakwere tekisi popanda amenewo.

Thoko wa ku Area 25:
Ndiye zatha pati?

Mayi Nesi:
A Dalitso, musakhumudwe ndi funso la Thoko, lili ndi nzeru. Piritsi lomeza limatenga nthawi kuti lilowe m'magazi, ndiye nthawi zambiri limayamba kugwira paniki itayamba kale kutsika yokha. Ulemu n'kupita kwa piritsi. Vuto lachiwiri ndi lalikulu: dayazepamu thupi limamuzolowera pa masabata ochepa chabe, ndipo akamatha m'thupi amabweretsa kunjenjemera ndi nkhawa zofanana ndi zimene mukuthawazo. Popeza mwamwa chaka, chonde musasiye lero ndi lero, ena amagwa khunyu akasiya mwadzidzidzi. Pitani ku kiliniki mukanene zoona, akuchepetsereni pang'onopang'ono. Ndipo osaphatikiza ndi mowa.

Mankhwala othandiza paniki alipo, koma ndi amtundu wina, monga fuluwokisetini. Amenewo amamwa tsiku lililonse, osati pamene chabwera, ndipo phindu lake limaoneka pakatha masabata 4 mpaka 6. Masiku oyambirira amatha kuonjezera kusakhazikika, n'chifukwa chake timayamba ndi mlingo wochepa ndipo timamuuziratu munthu. Osamuuza, amasiya tsiku lachitatu n'kumati andipatsa poizoni.

Dalitso ku Joni:
Mmm. Sindimadziwa za khunyuzo. Koma kuno kukiliniki n'kovuta, mukudziwa nkhani ya mapepala. Ndiona.

Nabanda wa ku Bangwe:
Amayi Nesi, zonse ndamva, ndipo m'mutu ndikuvomereza. Koma chikabwera nzeru zonsezi zimathawa. Ndiye ndipange chiyani kwenikweni? Ndingotaya botolo mawa?

Mayi Nesi:
Ayi, osati zonse tsiku limodzi. Ndipo mwanena zoona, kumva sikuchiritsa. Thupi limakhulupirira zimene laona, osati zimene lauzidwa. Ndiye timalionetsa.

Choyamba ndifunse: muli ndi pakati, mphumu, khunyu, kapena matenda a mtima amene anakuuzanipo? Ndipo chithokomiro anayeza? Chikamagwira ntchito mopitirira chimathamangitsa mtima, munthu amaonda, samva kuzizira, manja amanjenjemera. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija mumamwa?

Nabanda wa ku Bangwe:
Zonsezo ayi. Chithokomiro anayeza ulendo wachiwiri, chili bwino. Khofi ndinasiya, ndimamwa tiyi kapu imodzi. Ndili ndi zaka 31.

Mayi Nesi:
Chabwino. Ndikuuzani mmene timachitira kukiliniki, ndipo ndingakonde kuti ulendo woyamba muchite ndi nesi wa za maganizo. M'zipatala za maboma amapezeka, kwanuko ku Queens kuli kiliniki yake, kwa a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso St John of God.

Timayamba ndi kulemba. Tengani kope, mulembe chimene mukuopa kuti chichitika, mwachindunji. Osati "ndidwala", koma "mtima ukathamanga kupitirira 120 uima" kapena "chizungulire chikabwera ndikomoka". Pambali pake mulembe kuti mukukhulupirira bwanji, pa 100. Kenako timachiitana dala. Mukhale pampando, mupume mofulumira ndi mozama pakamwa kwa masekondi 60, ngati mukukoleza mbaula yokana. Mutu uzungulira, zala zichita dzanzi, mtima uthamanga. Mukamaliza musamwe madzi, musagwire pakhosi, musaimbire munthu. Ingokhalani, muyang'ane wotchi, muone kuti zitenga nthawi yaitali bwanji kuti zithe. Mulembe. Mupumule pang'ono, mubwerezenso, katatu kapena kasanu, tsiku lililonse.

Zimaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mwazipanga nokha ndi kupuma chabe, ndiye si chizindikiro chakuti mtima wawonongeka. Chachiwiri, zatha zokha. Kwa amene amaopa chizungulire timamuzungulitsa ataimirira kwa mphindi imodzi. Woopa kubanika amapumira m'kapaipi komwera zakumwa atatsina mphuno. Inu woopa mtima, chitunda chakwanu chija ndi mankhwala aulere. Munthu wa zaka 31 mtima wake umatha kufika cha m'ma 180 akamathamanga, popanda vuto. Pa paniki nthawi zambiri sufika n'komwe pamenepo. Zaka zonsezi mwasenza ndowa pa chitunda chimenecho mtima ukugunda kuposa mmene unagundira pa Chichiri, simunaope chifukwa munkadziwa chifukwa chake.

Za kukomoka: munthu amakomoka bipi ikatsika. Pa paniki imakwera pang'ono. N'chifukwa chake kumva ngati ukomoka n'kofala, koma kukomoka kwenikweni n'kosowa.

Mjomba Yusufu:
Ndiye mukuti munthu adziyambitse yekha matenda? Zachilendo izi. Akafa?

Mayi Nesi:
N'chifukwa chake ndinafunsa mafunso aja kaye, mjomba, ndipo iwowa anayezedwa kawiri. Wa mphumu, wapakati, wa khunyu, wa mtima kapena wa bipi yokwera asachite zimenezi payekha. Ndipo ndinene poyera kwa onse akuwerenga: kupweteka kwa pachifuwa kobwera mukamagwira ntchito yolemetsa n'kumasiya mukapuma, kofalikira ku mkono kapena ku nsagwada, kukomoka kwenikweni mpaka kugwa, kapena zoyamba kumene pa munthu wamkulu wa shuga kapena bipi, zimenezo musazitche paniki. Thamangani kuchipatala.

Thoko wa ku Area 25:
Anabanda, ine tsiku loyamba la kupuma kuja ndinalira. Ndinasiya pa masekondi 20. Musadabwe zikatero. Chimene ndinalakwitsa n'chakuti ndinkachita mlongo wanga ali pambali atagwira makiyi a galimoto. Sabata yonse osasintha kanthu, chifukwa mumtima ndinkati ndili bwino poti iye alipo. Zinayamba kuyenda nditachita ndili ndekha m'nyumba.

Nabanda wa ku Bangwe:
Nanga minibasi?

Mayi Nesi:
Imeneyo ndi makwerero. Sabata yoyamba khalani pa mpando wapakhomo womwewo, koma botolo likhale pansi pa chikwama, foni osaigwira, ndipo lamulo ndi limodzi: simutsika musanafike pamene munakonza. Ngati tauni yatalika, konzani kuti mutsika pa Chichiri, koma mukhale mutasankha musanakwere, osati mantha akusankhireni. Mantha akayamba kutsika pa sitepe imeneyo, sunthirani mzere wachiwiri. Kenako wachitatu, botolo litatsala kunyumba. Kumapeto mpando wakumbuyo, pakona, nthawi ya m'mawa ya mdipiti. Ndipo cholinga si kufika popanda paniki. Ikabwera inu n'kukhalabe pampando mpaka itatha, tsiku limenelo mwaphunzira zambiri kuposa masiku khumi abata. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amawerenga masiku amene sichinabwere, ndiye akadali mlonda yemwe uja.

Makina a bipi apatseni abambo akawatsekere kuntchito kwawo. Ndipo muwauze kuti mukawaimbira muli m'minibasi angoti "ukudziwa chimene chikuchitika, tionana madzulo", n'kudula.

Nabanda wa ku Bangwe:
Ameneyo sangavomere. Amandikonda, akamva mawu anga akunjenjemera amafuna kusiya ntchito n'kubwera.

Agogo a Tiya:
Muuze awerenge zimene alemba anesiwa. Amuna amamva bwino zikachokera kwa munthu wina.

Nabanda wa ku Bangwe:
Abale, ndabweranso, patha masabata atatu. Ndinapita kukaonana ndi nesi, tinachita limodzi za kupuma zija. Ndinalemba kuti "mtima uima", 80 pa 100. Ulendo woyamba ndinafika masekondi 35, dzanzi linabwera ndendende ngati la pa Chichiri, mpaka ndinadabwa kuti kodi chinthu chimene ndakhala ndikuchiopa chija ndingachipange ndekha ndi pakamwa? Zinatha pa mphindi 3. Kunyumba ndakhala ndikuchita m'mawa uliwonse ana akapita kusukulu. Panopa ndimafika 60 ndipo zimangonditopetsa. Nambala ija yatsika kufika pa 30.

Chitunda ndikukwera ndi ndowa. Makina ali kuntchito kwa bambo a ana, ngakhale ndivomere kuti Lamlungu ndinakabwereka a neba.

Lachinayi chinandigwira chenicheni, mzere wachitatu, titangodutsa Maselema. Pambali panga panali bambo wonenepa ndi thumba la makala pamiyendo, kotulukira kunalibe. Dzanja linapita lokha pakhosi, ndinalibweza. Ndinayang'ana nthawi pa wotchi ya dalaivala, 7:12. Chinakwera, chinakwera, ndinati lero ndiye lero. Pofika pa Ginnery Corner, 7:24, n'kuti chikutsika, ndatsala ndi kunjenjemera kwa miyendo. Sindinatsike. Ndinafika kuntchito bulauzi itanyowa, ndinakalira kubafa, kaya ndi chisangalalo kaya ndi kutopa.

Koma Lachisanu ndinalephera, ndinatsika pa Chichiri. Ndipo m'mawa ndimadzukabe n'kumvetsera mtima. Chimenecho sichinasinthe.

Thoko wa ku Area 25:
Mphindi 12! Lembani pa chikuto cha kope lija. Za Lachisanu musadandaule, Lolemba mukwere mzere womwewo. Ine kumvetsera kwa m'mawa ndi kumene kunatha komalizira, ndipo sindikumbuka tsiku lake. Ndinangozindikira kuti papita nthawi ndisanachite.

Mayi Nesi:
Mwagwira ntchito. Lachisanu chinasiyana n'chiyani? Nthawi zambiri tsiku lotsatira chipambano munthu amakwera akuti "lero chisabwerenso", ndipo mlonda wabwerera pa ntchito. Kwerani mukuti chibwere ngati chikufuna, ndili ndi mphindi 12 zoti ndichipatse. Za m'mawa musalimbane nazo. Mukapeza kuti mukumvetsera, musadzikalipire komanso musawerenge kugunda, dzukani mukakoleze moto. Ndipo a neba aja muwauze asakubwerekeninso.

Chifundo M.:
Ndakhala ndikungowerenga osalemba. Zanga zimabwera ndili mtulo, cha m'ma 2 koloko usiku, ndimadzidzimuka mtima uli pakamwa, osalota kanthu. Ndiye zoti ndimaziitana ndi maganizo zikugwirizana bwanji? Munthu wogona amaganiza chiyani? Panopa ndimaopa kugona, ndimakhala pa foni mpaka maso atseke okha.

Mayi Nesi:
Funso labwino, ndipo apa kufotokoza kwanga kuja sikukwana bwinobwino. Paniki ya usiku ilipodi, anthu ambiri a vutoli imawagwirapo. Ena amati mlonda uja sagona, monga mayi amagona pa phokoso la mvula koma mwana akangosuntha wadzuka. Ena amati pali za kapumidwe ka munthu ali mtulo zimene zimayambitsa. Chimene ndaona ine n'chakuti kuopa kugona kumachepetsa tulo, ndipo kusagona kumabweretsa ina. Koma musanaitche paniki: mumaliza mkonono kwambiri? Alipo anakuuzanipo kuti mumasiya kupuma muli mtulo? Chilungulira chimakuvutani usiku? Mumamwa mowa madzulo?

Chifundo M.:
Mkonono akazi anga amadandaula tsiku lililonse. Zosiya kupumazo ndiwafunsa akadzuka.